ZILEMBO ZITATU, CHIGANIZO CHATHUNTHU: TANTHAUZO LA IDK NDI BRB PA LAMYA YA M'MANJA

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mabanja ao, makamaka iwo amene angoyamba kumene kugwiritsa ntchito lamya zamakono.

Chaka ndi chaka, msika wa fodya ukatsekulidwa ndipo ndalama zikayamba kulowa m'midzi ya kwa Chulu, m'boma la Kasungu, mabanja amagula zinthu zimene akhala akuzilakalaka nyengo yonse ya dzinja. Wina amagula malata, wina njinga, wina amasungiratu feteleza wa chaka chamawa. Masiku ano pa mndandanda umenewu paonjezeka chinthu china, ndicho foni yagalasi yopanda mabatani, imene munthu amangoikhudza ndi chala. Mwini wake akaiyatsa, ana kapena adzukulu amamuikiramo WhatsApp, ndipo pasanathe sabata mauthenga amayamba kufika kuchokera ku Lilongwe, ku Mzuzu ngakhalenso ku Joni.

Apa mpamene vuto limayambira. Munthu wodziwa bwino kuwerenga, amene wakhala akulemba makalata ndi kusunga mabuku a kalabu kwa zaka zambiri, amafunsa funso lomveka bwino, koma yankho limabwera la zilembo zitatu zokha: IDK. Asanamvetse zimenezo, pamabweranso zina zitatu: BRB. Kenaka mnzake uja amangoti zii. Zilembo zotere si mwano, si chinsinsi cha achinyamata, ndiponso sizitanthauza kuti foni yaonongeka. Ndi ziganizo zathunthu za Chingerezi zimene zafupikitsidwa, ndipo zina mwa izo zimakhudza nthawi, ndalama ndi ulemu wa munthu.

MMENE ZIDULEZI ZIMAPANGIDWIRA

Kufupikitsa mau potenga zilembo zoyamba si chinthu chachilendo m'Malaŵi muno. Mlimi aliyense amadziwa ADMARC, womvera wailesi aliyense amadziwa MBC, ndipo pa kalata yopita kwa Chulu anthu amalemba T/A osavutika kufunsa tanthauzo lake. Kusiyana kwake nkwakuti zidule zakalezi ndi maina a mabungwe ndi maudindo, pamene zidule za pa foni ndi zonena za munthu. Zimaima m'malo mwa chiganizo chimene wolembayo akanachilankhula ndi pakamwa.

Lamulo lake ndi limodzi: pa liu lililonse la m'chiganizo cha Chingerezi amatengapo chilembo choyamba. Chiganizo chakuti "I don't know", ndiye kuti "sindikudziwa", chimapereka I, D ndi K. Chiganizo chakuti "be right back", ndiye kuti "ndibweranso posachedwa", chimapereka B, R ndi B. Kaya zalembedwa ndi zilembo zazikulu kaya zazing'ono, tanthauzo silisintha: idk ndi IDK nchimodzimodzi. Nchifukwa chake kuyesa kuziwerenga monga liu la Chichewa nkutaya nthawi chabe, pakuti mkati mwake mulibe liu. Muli mitu ya mau atatu imene yaikidwa pamodzi.

KUMENE ZINACHOKERA

Achikulire akukumbukira telegalamu ya ku positi ofesi, imene inkalipiridwa powerenga liu lililonse. Munthu wodziwitsa abale za matenda sankayamba ndi malonje. Ankangoti mai adwala bwerani msanga, basi. Mtengo ndiwo unkadula mau. Zidule za pa foni zinakula pa chifukwa chonga chomwecho.

Zambiri mwa izo zinabadwa m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu a ku America ndi ku Ulaya anayamba kucheza polemberana pa makompyuta. Pocheza motero munthu saona nkhope ya mnzake. Sadziwa ngati mnzakeyo waseka, wakwiya kapena wadzuka pampando. Tsono panafunika njira yachangu yonenera zimene maso akanaona okha, ndipo BRB inali imodzi mwa njirazo.

Kenaka kunabwera uthenga wa SMS. Woyamba unatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992, ndipo uthenga umodzi unali ndi malire a zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe ya pakati pa mau. Wopyola malirewo ankalipira mauthenga awiri. Kuno kwathu kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel inayamba mu 1999. Iyi ndi imene inadzatchedwa Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Amene anagwirapo kafoni ka mabatani m'zaka zimenezo akudziwa ntchito imene inalipo. Batani limodzi linkasunga zilembo zitatu kapena zinai, kotero kuti chilembo cha S chinkatuluka munthu atadina batani la 7 kanai. Liu lothokozera lakuti "thanks" linkafuna kudina maulendo 12, pamene chidule chake, tnx, chinkafuna maulendo 5 okha.

WhatsApp, imene inayamba mu 2009, siwerengera munthu mtengo pa chilembo chilichonse. Imadya bandulo ya intaneti, ndipo uthenga wolembedwa umadya pang'ono zedi, kaya ndi wautali kaya waufupi. Motero chifukwa chenicheni chofupikitsira mau chinatha, koma chizolowezi chinatsala. Ichi nchofunika kuti wongoyamba kumene achidziwe: palibe chimene amataya akalemba mau ake onse bwinobwino. Chimene akufunika ndi kumva zidule za anzake, osati kuzilemba iye mwini.

TSIKU LA MSIKA

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza kuonetsa mmene zilembozi zimagwirira ntchito. Bambo wina wa kwa Chulu watumiza mabelo 6 a fodya ku msika wa Chinkhoma, m'boma lomwelo la Kasungu, kudzera m'kalabu yake. Iye watsala kumudzi, koma mphwake, mwana wa mlongo wake, amene ndi mlembi wa kalabuyo, wapita nao mabelowo. M'mawa wa tsiku logulitsa, mauthenga akuyenda motere.

Nthawi ya 9:10 bamboyo akulemba kuti: "Mphwanga, kodi mabelo athu aja agulidwa?"

Nthawi ya 9:12 mnyamata akuyankha kuti: "IDK amalume, mzere wathu sanaufike. BRB"

Nthawi ya 10:05 mnyamata akulembanso kuti: "Adalaivala akuti yatsala 40k ya mayendedwe, akuifuna ASAP"

Nthawi ya 10:20 akulemba kuti: "NVM amalume, akalabu anapereka kale"

Nthawi ya 11:30 akumaliza kuti: "Agulidwa 5, limodzi labwezedwa. LMK chochita nalo"

Mauthenga a mnyamatayu ndi anai okha, koma muli zidule zisanu ndi chimodzi, ndipo chilichonse chikufuna kuti amalume achite kanthu kena kapena aleke kuchita kanthu kena. Nkoyenera kuzitenga chimodzichimodzi.

IDK SI INDE, SI IAI

Mlimi wa fodya anazolowera kuona zilembo ndi manambala pa matikiti a mabelo ndi pa pepala la malonda, choncho akaona IDK pa tsiku la msika nkosavuta kuganiza kuti ndi dzina la giredi imene fodya wake wapatsidwa. Koma mnyamata uja wangonena kuti sakudziwa. Sananene kuti fodya wagulidwa, sananenenso kuti wakanidwa. Funso lija likadali chiimire. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Munthu amene walandira IDK sanalandire kanthu koti nkuyambira kukongola katundu kusitolo.

Pali msampha wina umene umakola makamaka anthu olankhula Chichewa. Chidule china chofanana nacho ndi IDC, chimene chimaimira "I don't care", ndiye kuti "ndilibe nazo ntchito". Zidule ziwirizi zimasiyana pa chilembo chimodzi chokha, koma choyamba ndi yankho wamba, pamene chachiwiri chikhoza kukhala mwano woopsa. Chosokoneza nchakuti khutu limanamiza. Liu lakuti "know" limayamba ndi K polemba, koma K ameneyo samveka polankhula. Limamveka ngati "no". Pamene liu lakuti "care" limamveka ngati likuyamba ndi K, chonsecho limalembedwa ndi C. Munthu woganizira mwa kamvekedwe angathe kukhulupirira kuti IDK ndiye "ndilibe nazo ntchito", nakwiyira mphwake popanda chifukwa. Njira yokumbukirira ndi iyi: yothera ndi K ndi ya kusadziwa, yothera ndi C ndi ya kusasamala.

BRB NDIYE "NDIKUBWERA"

Chichewa chili ndi mau ofanana ndendende ndi BRB. Munthu akamachoka pakati pa anzake kwa kanthawi kochepa sanena kuti "ndapita". Amati "ndikubwera", ngakhale kuti miyendo yake ikuloza kwina. Onse amamva kuti macheza sanathe, ndipo mpando wake ausunge. BRB ndi chomwecho. Ndi lonjezo lakuti wolembayo abwereranso pa nkhani yomweyo, ndipo wolandira sayenera kuyankha kanthu kapena kuimba foni nthawi yomweyo.

Malire ake ndi akuti BRB sitchula nthawi. Kawirikawiri imatanthauza mphindi zochepa, koma monga "ndikubwera" wa kumudzi, nthawi zina imatalika. M'chitsanzo chija mnyamata analemba BRB nthawi ya 9:12, nadzaonekanso 10:05, patapita mphindi 53. Kodi amalume akanadziwa bwanji ngati mphwao watanganidwa chabe kapena foni yake yazima?

WhatsApp imapereka zizindikiro pansi pa uthenga uliwonse umene munthu watumiza. Kachizindikiro kamodzi kotuwa, konga kamene aphunzitsi amachongera masamu, kamasonyeza kuti uthenga wachoka koma sunafike pa foni ya mnzake. Mwina foniyo yazima, mwina bandulo yatha, mwina ali pamalo popanda netiweki. Tiwiri totuwa timasonyeza kuti uthenga wafika koma sunatsekulidwe. Tiwiri tobiriwira ngati thambo timasonyeza kuti watsekulidwa. Komabe munthu ali ndi ufulu wozimitsa mtundu wa thambowo pa foni yake, ndipo akatero tizizindikiro timakhala totuwa ngakhale atawerenga. Choncho amalume akadikira theka la ola, angathe kulemba uthenga umodzi wofunsa, nayang'ana pansi pake. Akaona kamodzi, adziwe kuti vuto ndi la foni, ndipo kutumiza mauthenga ena khumi sikuthandiza. Kuli bwino kuimbira munthu wina wa m'kalabu amene ali kumsika komweko. Akaona tiwiri, mnyamata ali pa ntchito, ayankha.

BRB ili ndi abale ake awiri amene tanthauzo lao nlosiyana nayo. GTG imaimira "got to go", ndiye kuti "ndiyenera kupita", ndipo TTYL imaimira "talk to you later", ndiye kuti "tilankhulana nthawi ina". Izi ziwiri ndi zotsazika. Wolandira BRB adikire. Wolandira GTG kapena TTYL aike foni m'thumba, apitirize ntchito yake ku chigafa, pakuti macheza a nthawi imeneyo atha.

PAMENE ZILEMBO ZIKHUDZA NDALAMA

Uthenga wa 10:05 ndiwo woopsa koposa onse, chifukwa ukupempha ndalama. M'Malaŵi chilembo cha K chikakhala patsogolo pa nambala chimaimira Kwacha: K40 ndi makwacha makumi anai. Koma chikakhala pambuyo pa nambala chimaimira chikwi. Motero 40k ndi K40,000. Chilembo chimenechi chinachokera ku liu lakuti kilo, limene mlimi amalidziwa kale pa sikelo: kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000, monganso kilomita imodzi ndi mamita 1,000. Malo a chilembo chimodzi akusintha ndalama kukhala yochuluka maulendo 1,000. Munthu amene wavomera 40k poganiza kuti ndi K40 wavomera ngongole imene sanaiyembekezere. Ndipo pali K wachitatu, woima yekha popanda nambala, amene ndi chidule cha OK, kutanthauza kuti "chabwino, ndamva". Amalume akanayankha uthenga uja ndi K yekha, pofuna kufunsa kuti "makwacha angati?", mnyamata akanamva kuti avomera kulipira.

ASAP imaimira "as soon as possible", ndiye kuti "msanga ndithu, mmene kungathekere". Si dzina la munthu kapena la banki. Ndi mau ofulumizitsa. Tsono patangopita mphindi 15 panabwera NVM, imene imaimira "never mind", kutanthauza kuti "zisiyeni, musavutikenso nazo". Chidule ichi sichitsata lamulo la zilembo zoyamba mokwanira, pakuti N ndi V zachokera m'liu limodzi, koma ntchito yake ndi yaikulu: chimafafaniza pempho limene linabwera poyamba. Bambo amene wamva 40k ndi ASAP koma sanamve NVM adzathamangira kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba pa malo a malonda a kwa Chulu, natumiza K40,000 pa ngongole imene yalipidwa kale. Kuibweza ndalama yotero kumadalira kukhulupirika kwa amene wailandira. Nchifukwa chake munthu asanatumize ndalama ayenera kuwerenga mauthenga onse kufikira wotsiriza, osati kuimira pa umene wamudzidzimutsa.

Pali chinanso. Anthu akuba pa foni amakonda mau ofulumizitsa, chifukwa munthu wothamanga saganiza. Ambiri m'dziko muno analandirapo uthenga wochokera pa nambala yachilendo wonena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala iyi. Nyengo ya msika wa fodya, pamene aliyense akudziwa kuti alimi ali ndi ndalama, uthenga wotere umagwera pa nthaka yachonde. Lamulo lotetezeka nlakuti pempho lililonse la ndalama limene lafika molembedwa, makamaka lokhala ndi ASAP, litsimikizidwe poimba pa nambala yodziwika kale ndi kumva liu la mwini wake. Ndipo zilembo ziwiri izi, PIN ndi OTP, zikatchulidwa, yankho ndi kukana basi. PIN ndi nambala yachinsinsi yotsekulira ndalama za pa foni kapena za kubanki. OTP ndi nambala yogwira ntchito kamodzi kokha imene banki kapena kampani imatumiza pofuna kutsimikiza kuti amene akulowa ndi mwini wake. Zonse ziwiri ndi makiyi a nkhokwe, ndipo sizipatsidwa kwa munthu wina, ngakhale atadzitcha wa ku ofesi.

Uthenga wotsiriza wa mnyamata uli ndi LMK, imene imaimira "let me know", ndiye kuti "mundidziwitse". Ichi ndi chosiyana ndi BRB. Pa BRB wodikira anali amalume. Pa LMK wodikira ndi mnyamata. Belo limodzi labwezedwa, ndipo iye sangachite kanthu mwini fodya asanalamule. Amalume akangoyang'ana zilembozo nkukhala chete, poganiza kuti ndi kutsazika, mnyamata adzakhala chidikirire kumsika, belo lili pomwepo.

KUSEKA NDI MALIRO

Si zidule zonse zimene zimakhudza malonda. Chodziwika koposa pa dziko lonse ndi LOL, chimene chimaimira "laughing out loud", ndiye kuti "ndikuseka mokweza". Chinafala kwambiri kotero kuti mu 2011 chinalowa m'buku lalikulu lotanthauzira mau a Chingerezi la Oxford English Dictionary, pamodzi ndi OMG, mau odabwira otchula dzina la Mulungu. A Malaŵi ambiri polemba kuseka amakonda kkkk, ndipo ma k akachuluka ndiye kuti phwete lakula. Apanso wongoyamba kumene asasokonezeke: kkkk si makwacha, ndi kuseka.

LOL yapusitsa ngakhale eni chilankhulo. Mu Meyi 2012, pa kafukufuku wa Leveson wofufuza khalidwe la manyuzipepala ku Britain, mai Rebekah Brooks, amene kale anali mkonzi wa nyuzipepala, anaulula kuti David Cameron, nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 2010 kufikira 2016, nthawi zina ankamaliza mauthenga ake ndi LOL poganiza kuti zikutanthauza "lots of love", ndiye kuti "ndi chikondi chachikulu", mpaka maiyo anamuuza tanthauzo lenileni. Ngati mtsogoleri wobadwira m'Chingerezi anaphonya, palibe chamanyazi kwa mlimi wa kwa Chulu.

Koma kuphonya kumeneku kuli ndi malo amodzi pamene kumapweteka zedi. Masiku ano uthenga wa maliro umafika pa magulu a WhatsApp a banja, a mpingo ndi a kalabu. Munthu amene akuganiza kuti LOL ndi mau achikondi angathe kuilemba pansi pa uthenga wa zovuta, ndipo gulu lonse lidzawerenga kuti iye akuseka imfa. Zidule zimene anthu amalemba pa maliro ndi RIP, kutanthauza "ause mumtendere", ndi MHSRIP, kutanthauza "mzimu wake uuse mumtendere". Ngakhale zili choncho, kwa namfedwa mau athunthu akuti "pepani ndi zovutazi" amalemera kuposa zilembo zilizonse.

CHIDULE CHIMODZI, MATANTHAUZO AWIRI

Palibe bungwe limene limalamulira zidulezi, ndipo palibe buku limene lingazisunge zonse, pakuti zatsopano zimabadwa ndipo zina zimafa. Zotsatira zake nzakuti zilembo zomwezo zikhoza kunyamula matanthauzo awiri. Chitsanzo chabwino ndi ATM. Kwa mlimi amene ndalama zake za fodya zimadzera kubanki, ATM ndi makina otapira ndalama a ku Kasungu boma. Koma mwana akalemba kuti "sindingaimbe atm", sakunena za makina; akufupikitsa "at the moment", ndiye kuti "pakali pano". Chimodzimodzi GM: m'mawa pa gulu la banja ndi moni wakuti "good morning", koma m'kalata ya ku kampani ndi udindo wa bwana wamkulu.

Chothandiza ndi kuyang'ana mau ozungulira chidulecho ndi nkhani imene ikukambidwa. Munthu ayese kuika tanthauzo limene akuliganizira m'malo mwa zilembozo, nawerenge chiganizo chonse mokweza. Chiganizo chakuti "sindingaimbe makina otapira ndalama" sichimveka, pamene "sindingaimbe pakali pano" chikumveka bwino. Tanthauzo limene lapangitsa chiganizo kuyenda ndilo loyenera.

Achinyamata amafupikitsanso Chichewa chimene, koma mwa njira ina. M'malo motenga zilembo zoyamba amachotsa zilembo za liu, zija a, e, i, o, u, kotero kuti zikomo amasanduka zkm, ndipo bwanji amasanduka bwnj. Zidule za mtundu uwu nzosavuta, pakuti munthu akangoziwerenga mokweza, kamwa limabwezeretsa lokha zilembo zimene zasowa. Ichi ndi chiyeso choyamba pa chidule chachilendo chilichonse: chikamveka ngati liu la Chichewa lopanda mnofu, ndi Chichewa, chikapanda kumveka konse, ndi mitu ya mau a Chingerezi.

ZA ULEMU

Zidulezi zinabadwira pakati pa anthu a msinkhu umodzi, ndipo sizidziwa kusiyanitsa "iwe" ndi "inu". IDK yopita kwa mnzake wa kusukulu ndi IDK yopita kwa apongozi zimaoneka chimodzimodzi. Apa pali phunziro la mbali zonse ziwiri. Wachikulire asafulumire kuona mwano pamene pali chizolowezi chabe. Mnyamata wa m'chitsanzo chija anaika liu lakuti "amalume" pambali pa IDK, kusonyeza kuti ulemu sanautaye. Koma wachinyamata nayenso adziwe kuti kwa makolo, kwa apongozi, kwa a mfumu, kwa abusa ndi kwa alangizi a zaulimi, mau athunthu ndiwo oyenera. "Sindinadziwebe, amalume, ndikuuzani posachedwa" ndi chiganizo chotenga kamphindi kochepa kulemba, ndipo sichisiya munthu m'chikaiko. Yankho la K yekha kwa munthu wamkulu amene walemba uthenga wautali limamveka ngati kuyankha ndi mphuno.

POKUMANA NDI CHIDULE CHACHILENDO

Zidule zimene zatchulidwa m'nkhani ino nzokwanira pa macheza ambiri a tsiku ndi tsiku, koma tsiku lina padzafika china chosadziwika. Pamenepo njira yachidule koposa ndi kufunsa mwini uthenga, pakuti safunsa anadya phula. WhatsApp ili ndi njira yofunsira mosasokoneza: munthu akakhudza uthengawo ndi chala naukokera kudzanja lamanja, umaonekera pamwamba pa malo olembera, ndipo funso lakuti "zilembo izi zikutanthauzanji?" limapita litamangirizidwa ku uthenga womwewo. Wofunsidwa amaona yekha chimene chavuta. Amene kulemba kumamuchedwetsa angathe kudina ndi kugwirizira kachithunzi ka maikolofoni, nalankhula funso lake ndi pakamwa, ndipo akachotsa chala mau ake amapita monga momwe wawalankhulira.

Pa macheza wamba, munthu akaphonya tanthauzo la chidule, chotayika ndi phwete chabe, ndipo angathe kungoganizira napitirira. Koma pa zinthu zitatu kuganizira nkoletsedwa: pa ndalama, pa nthawi yokumana ndi pa uthenga wa matenda kapena maliro. Pamenepo wolandira apemphe kuti nambala ilembedwe yonse, K40,000 osati 40k. Kuti nthawi itchulidwe, 2 koloko masana osati ASAP kapena BRB. Ndi kuti dzina la wodwala kapena womwalira limveke ndi khutu pa foni. Wolemba ndi amene anasankha kufupikitsa, choncho kutambasula mau ake ndi udindo wake, ndipo wofunsa sanalakwe kanthu.